Mtedza unatchipa, nanga ndalama zapita kuti?

Mwezi watha, mabuku atsekedwa, ndipo mwini wake wa fakitale yaing'ono yopanga chiponde wakhala pansi ndi mapepala awiri. Loyamba ndi bajeti, imene ikunena kuti mwezi umenewu mtedza umayenera kudya K14,400,000. Lachiwiri likuonetsa ndalama zimene zatulukadi, K12,765,000. Akachotsera, akupeza kuti K1,635,000 yapulumuka. Wogula katundu wa pakampanipo wafalitsa kale mbiri yoti anapeza mtedza wotchipa cha ku Mchinji, pa K1,850 kilogalamu imodzi m'malo mwa K2,000 ya masiku onse, ndipo akuyenda mapewa ali m'mwamba. Chodabwitsa n'chakuti phindu la pa botolo lililonse latsika, ndipo palibe amene akutha kuloza pamene ndalamazo zadonthera.

Fakitale imeneyi ndi yongoyerekezera, ndipo manambala ake ndawasankha kuti masamu asavute, poti mitengo yeniyeni ya mtedza siikhala malo amodzi. Koma vutolo ndi lenileni, ndipo limapezeka kwa ophika buledi, opanga sopo, oyenga mafuta ophikira ngakhalenso oumba njerwa za simenti. Zoona zake n'zakuti fakitaleyi siinapulumutse ngakhale tambala. Yataya K765,000 pa mtedza wokha. Njira imene akauntanti amagwiritsa ntchito poulula zimenezi ndi yowerengera ndi mtengo wa muyezo, ndipo masamu ake sapitirira kuchotsera ndi kuchulukitsa kwa ku pulayimale.

Muyezo umakhala woyamba

Ntchito isanayambe, wopanga katundu amayenera kuyankha mafunso awiri pa chinthu chilichonse chimene chimalowa m'katundu wake: chimodzi chikufunika zipangizo zochuluka bwanji, nanga zipangizozo zikuyenera kugulidwa pa mtengo wanji? Mayankho awiriwa ndiwo muyezo. Telala waluso amadziwa kale mamita a nsalu amene suti imodzi imadya ndi mtengo wa mita imodzi, kotero kuti nsalu ikatha msanga amazindikira kuti penapake pachitika kanthu. Fakitale imachita zomwezo, kungoti imazilemba pa pepala n'kumazifanizira ndi zochitika mwezi ndi mwezi.

Pa botolo la chiponde la magalamu 500, muyezo wa mtedza sungakhale magalamu 500. Mtedza wosenda ukalowa m'fakitale umayamba wasankhidwa, ndipo wowola, wonyala ndi timiyala zimachotsedwa. Tinene kuti apa pamapita magalamu 40. Ukakazingidwa, madzi amene anali m'kati amauluka, magalamu ena 30. Timakoko tofiira tija tikapetedwa pamachoka magalamu 25, ndipo magalamu 5 amatsalira m'makina opera. Choncho kuti magalamu 500 alowe m'botolo, pakhomo payenera kulowa magalamu 600. Mchere, botolo ndi chivindikiro zili ndi miyezo yakeyake, koma pano tizisiye. Pa K2,000 kilogalamu imodzi, mtedza wa botolo limodzi ndi wa K1,200.

Magalamu 100 otayikawo ali m'kati mwa muyezo mwadala, ndipo apa ndi pamene eni mafakitale ambiri amaphonya. Ena amalemba muyezo wa kumaloto, wopanda kutaya kulikonse, poganiza kuti antchito adzalimbikira. Zotsatira zake, lipoti limaonetsa kuluza mwezi uliwonse, ndipo posakhalitsa kapitawo amasiya kuliwerenga chifukwa akudziwa kuti ngakhale atagona ku ntchito sangaufikire. Ena amangotenga zimene zinachitika chaka chatha n'kuzitcha muyezo, osadziwa kuti akudalitsa kuwononga ndi kuba konse kwa chaka chimenecho. Muyezo wothandiza ndi umene antchito odziwa ntchito, pa makina abwinobwino, ndi mtedza wabwinobwino, angaufikire akachita khama. Umapezeka poyeza pa sikelo maulendo angapo, osati pokhala mu ofesi.

Nzeru imeneyi inakulira m'mafakitale a ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nthawi imene mainjiniya monga Frederick Taylor ankayeza ntchito iliyonse ndi wotchi pofuna kudziwa nthawi ndi zipangizo zimene imayenera kudya. Akauntanti wina wobadwira ku England, G. Charter Harrison, ndiye amatchulidwa kuti anakonza imodzi mwa ndondomeko zoyamba zathunthu mu 1911, ku kampani yosoka magolovesi ya Boss Manufacturing ku Illinois, ndipo mu 1918 anasindikiza masamu ogawira kusiyana kwa ndalama m'zigawo. Chimene chinkamuvuta n'chomwecho chikuvuta mwini chiponde wathuyu: mabuku akale ankangonena ndalama zimene zapita, osanena zimene zimayenera kupita.

Bajeti ija inanama pati?

Bajeti ya K14,400,000 inakonzedwa poganiza kuti mweziwo mutuluka mabotolo 12,000. Amene anatulukadi ndi 10,000. Kufanizira ndalama za mabotolo 10,000 ndi bajeti ya mabotolo 12,000 n'kudzinyenga, chifukwa wopanga zochepa ayenera kuwononga zochepa basi. Fakitale itatseka mwezi wonse, "ingapulumutse" K14,400,000 yonse.

Funso loyenera ndi ili: mabotolo 10,000 amene apangidwawo amayenera kudya mtedza wochuluka bwanji? Pa magalamu 600 botolo limodzi, yankho ndi makilogalamu 6,000, amene pa K2,000 ndi K12,000,000. Ndalama zimene zinapitadi ndi K12,765,000, zogulira makilogalamu 6,900 pa K1,850. Kusiyana kwake ndi K765,000, ndipo n'kotayitsa. Botolo limene limayenera kudya mtedza wa K1,200 ladya wa K1,276.50.

Mwini wake akhoza kuimira pomwepa n'kunena kuti K765,000 pa K12,000,000 si nkhani yogonera kunja. Kumeneko kungakhale kulakwa, chifukwa nambala imeneyi ndi chotsalira chabe cha manambala awiri akuluakulu amene akukokerana mbali zosiyana. Kuti tiwaone, tiyenera kulekanitsa zimene zinachitika pa msika ndi zimene zinachitika m'fakitale.

Za pa msika zimayezedwa ndi kusiyana kwa mtengo. Timatenga mtengo wa muyezo, kuchotsapo mtengo umene unalipidwadi, n'kuchulukitsa ndi makilogalamu amene anagulidwadi:

(K2,000 − K1,850) × 6,900 = K1,035,000

Kumeneku n'kokomera kampani. Wogula katundu uja sananame: pa kilogalamu iliyonse anasiya K150 m'thumba la kampani, ndipo makilogalamuwo analipo 6,900.

Za m'fakitale zimayezedwa ndi kusiyana kwa kagwiritsidwe. Timatenga makilogalamu amene amayenera kugwira ntchito, kuchotsapo amene anagwiradi, n'kuchulukitsa ndi mtengo wa muyezo:

(6,000 − 6,900) × K2,000 = −K1,800,000

Kumeneku n'kotayitsa. Makilogalamu 900, omwe ndi matumba 18 a makilogalamu 50, analowa pakhomo koma sanasanduke chiponde chogulitsa. K1,800,000 yotayika kuchotsapo K1,035,000 yopulumuka ikutipatsa K765,000 ija. Manambala awiriwa akapanda kubwerera pa kusiyana konse, ndiye kuti masamu alakwika penapake, ndipo akauntanti wanzeru amayamba watsimikiza zimenezi asanakauze aliyense.

Wina angafunse chifukwa chake makilogalamu 900 aja tawawerengera pa K2,000 pamene anagulidwa pa K1,850. Cholinga n'chakuti kapitawo wa m'fakitale aweruzidwe pa zimene zili m'manja mwake. Iye sapita ku msika. Tikanagwiritsa ntchito mtengo weniweni, lipoti lake likanamakwera ndi kutsika chifukwa cha mitengo ya ku Mchinji, ngakhale iye atagwira ntchito chimodzimodzi mwezi uliwonse. Mtengo wa muyezo umakhala ngati sikelo yosasintha, kotero kuti nambala ya mwezi uno ikhoza kufanizidwa ndi ya mwezi wamawa.

Kulondola matumba 18

Pepala likafika pa tebulo, nkhani imaoneka ngati yatha kale. Wogula katundu wabweretsa K1,035,000, kapitawo wataya K1,800,000. Wina alandire bonasi, winayo kalata yomuchenjeza. M'makampani ambiri zimatheradi pamenepa, ndipo n'kutha koipa, chifukwa manambalawa angonena malo amene ndalama zinaonekera kuti zasowa. Sananene amene anazisowetsa. Kuti izi zidziwike, munthu ayenera kutuluka mu ofesi, kulowa m'fakitale ndi kufunsa za matumba 18 aja limodzilimodzi.

Poyambira ndi pa tebulo losankhira. Amayi osankha mtedza amataya zosafunika m'mabeseni, ndipo ngati fakitale ili ndi mwambo woyeza mabeseniwo madzulo aliwonse, buku lake limalankhula. Muyezo umalola magalamu 40 pa botolo, kutanthauza makilogalamu 400 pa mabotolo 10,000. Mwezi uno m'buku muli makilogalamu 920. Owonjezerawo, 520, ndi mtedza wonyala, wosweka kalekale n'kuyamba kununkha, wa mawanga achikasu ndi akuda a chuku, pamodzi ndi mchenga ndi timiyala. Apa palibe mwayi wonena kuti tingolekerera kuti ulowe. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Wopanga chiponde amene akufuna chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, kapena kugulitsa kunja kwa dziko, sangasewere nazo. Amayiwo potaya makilogalamu 920 anagwira ntchito yawo molondola.

Kachiwiri ndi pa ng'anjo yokazingira. Mtedza wouma bwino umakhala ndi madzi pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse. Wa mwezi uno, atauyeza ndi kachipangizo koyezera chinyezi, unali ndi magawo 10. Aliyense wokulira kumene amalima mtedza akudziwa kumene madziwa amachokera: ena amawaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, ena amagulitsa mtedza usanaume bwino chifukwa ndalama ikufunika lero, ndipo palinso ena amene amadziwa kuti mtedza wonyowa umalemera pa sikelo. Magawo atatu owonjezera pa makilogalamu 6,900 ndi pafupifupi makilogalamu 200. Kampani inagula madzi pa K1,850 kilogalamu imodzi, n'kulipiranso magetsi owaumitsira. Chinyezi chomwecho ndichonso chinaitana chuku chimene chinadzaza mabeseni aja.

Kachitatu ndi tsiku limene magetsi anazima ng'anjo ili yodzaza. Mgolo unasiya kuzungulira, jenereta inachedwa kulira, ndipo mtedza wa pansi unapserera mpaka onse makilogalamu 120 anatayidwa, chifukwa wopserera pang'ono chabe umawawitsa chiponde chonse. Kachinayi n'kobisika kuposa zonse. Makina othira m'mabotolo anasokonekera pang'ono, n'kumathira magalamu 505 m'malo mwa 500. Palibe diso lingaone magalamu asanu, ndipo palibe kasitomala angabwere kudzadandaula. Koma pa mabotolo 10,000 ndi makilogalamu 50 a chiponde operekedwa ulere, amene anachokera ku makilogalamu 60 a mtedza wosakazinga.

Tsopano 520, 200, 120 ndi 60 zakwana 900. Tikazigawa potengera gwero lake, chithunzi chikutembenuka. Zosankhidwa ndi madzi, makilogalamu 720, zinabwera ndi mtedzawo kuchokera ku msika, ndipo pa K2,000 ndi K1,440,000. Wopserera ndi wothira mopitirira, makilogalamu 180, ndi za m'fakitale, K360,000. Ndiye kuti wogula katundu uja anapulumutsa K1,035,000 pa mtengo n'kubweretsa chiwonongeko cha K1,440,000. Mtedza wake wotchipa unaluzitsa kampani K405,000, osawerengera maola owonjezera amene amayi aja anakhala pa tebulo. Kapitawo ali nawo mlandu wake wa K360,000, koma si wa K1,800,000 monga pepala linkanenera poyamba.

Panali njira yodziwira zimenezi lole isanatsitse katundu. Pa K1,850 kilogalamu imodzi, K1,200 ya botolo limodzi imagula magalamu pafupifupi 649. Kutanthauza kuti mtedza wotchipawo ukanapindulitsa pokhapokha botolo likanadya osapitirira pamenepo. Kutapa makilogalamu asanu m'matumba osiyanasiyana, kuwasankha, kuwayeza chinyezi ndi kuwakazinga ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, ndipo kukanaonetsa kuti botolo lidya magalamu oposa 670. Pamenepo wogula akanauza mavenda kuti mtedza wotere ndi wa K1,750 kapena aubweze.

Ndinene mosabisa kuti sikuti zotchipa zonse zimaluzitsa. Mwezi wina mtedza wa K1,850 ukhoza kudya magalamu 620 okha pa botolo, kampani n'kupindula ngakhale lipoti la kapitawo likuonetsa kutaya. Ndiponso wogula akhoza kulipira K2,100 pa mtedza wosankhidwa kale wa CG7 wa ku kalabu ya alimi, lipoti lake n'kuoneka loipa, pamene botolo ladya magalamu 550 okha ndipo mtengo wake watsikira pa K1,155. Mwini fakitale amene amapereka bonasi poyang'ana nambala ya mtengo yokha akuphunzitsa wogula wake kugula zinyalala, ndipo wogulayo adzaphunziradi.

Pamene manambala amanama

Chitsanzo chathu chinali chaulemu, chifukwa mtedza wonse wogulidwa unagwira ntchito mwezi womwewo. Kawirikawiri sizitero. Tinene kuti wogula anabweretsa makilogalamu 8,000, ndipo 1,100 atsala m'nyumba yosungira katundu. Makampani ambiri amawerengera kusiyana kwa mtengo tsiku logula, pa makilogalamu onse 8,000, zimene zikupereka K1,200,000, n'kulemba mtedza wosungidwawo m'mabuku pa K2,000. Ubwino wake n'ngwakuti nkhani ya mtengo imadziwika nthawi yomweyo m'malo modikira miyezi. Kuipa kwake n'kwakuti wogula wofuna kuoneka bwino akhoza kudzaza nyumba yonse ndi mtedza wotchipa, kulandira ulemu lero, pamene mtedza wa chinyezi uja ukuchita chuku pakona ndipo udzaonekera pa lipoti la kapitawo miyezi itatu ikubwerayo. Ndalama zimene zagona m'matumbamo, mwinanso zangongole ya ku banki, sizioneka pa nambala iliyonse mwa ziwirizi.

Nambala ya 6,900 nayonso imafuna kuikayikira. Mafakitale ang'onoang'ono ambiri sayeza mtedza uliwonse wolowa pa tebulo. Amatenga umene unalipo kumayambiriro kwa mwezi, kuphatikiza wogulidwa, kuchotsa wotsala kumapeto, ndipo chotsalacho amati ndiye wagwira ntchito. Mwa njira imeneyi thumba limene latuluka usiku pa njinga limawerengedwa ngati lapangidwa chiponde. Thumba lolembedwa makilogalamu 50 koma lolemera 48, limene kalaliki anangoliwerenga osaliika pa sikelo, limadzaoneka ngati kuwononga kwa m'fakitale pamene ndi kuberedwa pogula. Kalaliki akalumpha mzere umodzi wa matumba powerenga kumapeto kwa mwezi, mwezi uno uoneka woipa kwambiri ndipo wamawa wabwino modabwitsa. Manambala akamasinthana motero, kuipa kenako kukoma pa mlingo wofanana, choyamba kuchifufuza ndi kawerengedwe ka matumba, osati makina. M'chitsanzo chathu zigawo zinayi zija zinakwana 900 ndendende. Zikapanda kukwana, mpata wotsalawo ndiwo uyenera kufunsidwa kwa wosunga makiyi ndi kwa sikelo.

Vuto lalikulu kwa wopanga katundu m'Malawi muno ndi muyezo wa mtengo umene umakalamba msanga. Mtedza umatchipa nthawi yokolola, cha m'ma Meyi mpaka Julayi, n'kumakwera mvula ikayamba pamene anthu akufuna mbewu ndipo nkhokwe zatha. Muyezo wa K2,000 ukakhala wa chaka chonse, wogula adzaoneka katswiri mu Juni ndi mbuli mu Januwale, asanasinthe chilichonse pa kagwiridwe kake ka ntchito. Tinene kuti mwezi wa chitsanzo chathu, mtengo wa pa msika wa mtedza wabwino unali utatsikira pa K1,800. Ndiye kuti K200 ya pa kilogalamu inabwera ndi nyengo, ndipo wogula amene analipira K1,850 anapitirira msika ndi K50. Pa makilogalamu 6,900, nyengo inapatsa kampani K1,380,000, iye n'kubwezako K345,000. Akauntanti odziwa ntchito amagawa kusiyanako pawiri chonchi, mbali ya msika ndi mbali ya munthu, ndipo kugawa kumeneku kumafuna kuti wina azilemba mitengo ya pa msika sabata ndi sabata, munthu amene si wogulayo.

Pa zipangizo zochokera kunja nkhani imakula. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wophika buledi amene ufa wake wa tirigu umadalira tirigu woitanitsa kunja, kapena wopanga chiponde amene mabotolo ake amapangidwa ndi pulasitiki yogulidwa ndi madola, anadzuka m'mawa miyezo yake ya mtengo itasanduka mbiri yakale. Kupitiriza kufanizira ndi miyezo yotero kumangobala lipoti lofiira lokhalokha, losaphunzitsa kanthu, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti mtengo wogulitsira umene unamangidwa pa muyezowo umakhala ukuluzitsa pa botolo lililonse. Malamulo a dziko lonse a kalembedwe ka mabuku a ndalama amalola kulemba katundu wosungidwa pa mtengo wa muyezo pokhapokha ngati uli pafupi ndi mtengo weniweni ndipo ukuunikidwa pafupipafupi. M'mayiko amene mitengo imayenda pang'onopang'ono, kamodzi pa chaka kumakwanira. Kuno, muyezo wa mtengo umafuna kuunikidwa miyezi itatu iliyonse, ndiponso tsiku lililonse limene kwacha yagwa.

Chosangalatsa n'chakuti muyezo wa magalamu sugwa ndi kwacha. Magalamu 600 pa botolo ndi omwewo kaya dola ili pati, ndipo amasintha pokhapokha makina, kaphikidwe kapena mtundu wa mtedza zikasintha, monga kuchoka pa CG7 kupita pa Chalimbana. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kwa wopanga katundu wamng'ono wa kuno, kusiyana kwa kagwiritsidwe ndiko kofunika kukugwira ndi manja awiri. Sikufunanso kudikira akauntanti kumapeto kwa mwezi. Kapitawo akhoza kulemba pa bolodi madzulo aliwonse: mabotolo 400, mtedza woyenera makilogalamu 240, wolowadi 276. Vuto limene lipoti la pa mwezi likanaliulula patatha milungu isanu limaoneka tsiku lachiwiri, matumba oipa aja akadali osatsegula ndipo mavenda akadayankha foni.

Njira imeneyi ili nawo oitsutsa, ndipo ena mwa iwo ndi akuluakulu. Mu 1987 aphunzitsi awiri a ku America, H. Thomas Johnson ndi Robert Kaplan, analemba buku lodandaula kuti malipoti a akauntanti m'mafakitale amafika mochedwa, atasakaniza zinthu zambiri, moti sathandiza woyendetsa ntchito. Otsatira kapangidwe ka ku Japan, monga ka kampani ya Toyota, amawonjezera kuti kusaka mtengo wotsika kumachititsa kusinthasintha ogula nawo katundu, ndiponso kuti muyezo wolola kutaya magalamu 100 umagonetsa anthu tulo pamene akanatha kutsitsa kufika pa 80. Zonsezi n'zoona. Komanso njirayi imayenda bwino pamene katundu ndi wofanana tsiku ndi tsiku, monga chiponde, buledi, sopo ndi malata. Kalipentala amene mpando uliwonse amaupanga mosiyana malinga ndi zofuna za mwini wake sangapindule nayo kwenikweni.

Sikutinso kusiyana kulikonse n'koyenera kukuthamangira. Mtedza si misomali, thumba lililonse limasiyana ndi linzake, ndipo magalamu 605 mwezi uno ndi 596 mwezi wamawa ndi mmene zinthu zimakhalira. Makampani amaika malire, tinene magawo atatu kapena asanu pa 100, ndipo chopitirira pamenepo ndicho amachifufuza. Koma kakang'ono kamene kakubwera mbali imodzimodzi miyezi inayi yotsatizana kamafunika diso ngakhale kali pansi pa malire, chifukwa ndi mmene makina othira mopitirira aja amaonekera. Ndipo nambala yokoma modabwitsa imafuna kufunsidwa mofanana ndi yoipa. Kapitawo akabwera ndi lipoti loti botolo ladya magalamu 560 pa mtedza wamba, mwini wake asathamangire kumugwira chanza. Atenge mabotolo khumi awaike pa sikelo kuona ngati akukwana 500, kenako apite pa tebulo losankhira akasuzumire m'mabeseni, chifukwa njira yapafupi yochepetsera zotayika ndi kuuza amayi aja kuti asiye kusankha, mtedza wa chuku n'kulowa m'chiponde chimene ana adzapaka pa buledi.